Phunziro la Chitukuko: Kulemba Ndondomeko ya Zotsatira pa Pempho la Pulojekiti

M'mapempho ambiri amene makomiti a chitukuko a m'midzi amalemba mumapezeka chiganizo chonga ichi: "Tikufuna kutukula miyoyo ya anthu powapatsa madzi abwino." Chiganizochi n'choona, koma munthu amene wagwira thumba la ndalama, kaya ndi wa ku khonsolo kapena wa bungwe lothandiza, amatsala ndi mafunso atatu. Chidzasinthe n'chiyani? Chidzasintha motani, pofika liti? Nanga tidzaona pati kuti chasinthadi? Pempho losayankha mafunsowa limabwezedwa, ndipo likapatsidwa ndalama mwamwayi limadzabala mkangano pamapeto, kontilakita akunena kuti ntchito yatha pamene amayi akutungabe kumtsinje.

Chida choyankhira mafunsowa ndi ndondomeko ya zotsatira. Ndi tsamba limodzi kapena awiri, olembedwa m'mizere, amene amalumikizidwa ku pempho. Kuyambira mu 1998, pamene dziko lino lidakhazikitsa lamulo la maboma aang'ono ndi mfundo yopereka mphamvu ku anthu, njira ya pempho imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kupita ku komiti ya chitukuko ya m'dera, kenako ku khonsolo. Choncho luso lolemba tsambali likufunika kwa mlembi wa komiti ya m'mudzi monga momwe likufunikira kwa mkulu woona za mapulani paboma.

Tiphunzira potsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Manambala a wodi imene tikambe pano ndi ophunzirira chabe. Inu mudzaikapo anu.

Wodi ya chitsanzo

Tiyerekeze wodi ya midzi isanu ndi umodzi, mabanja 600, anthu pafupifupi 3,000. Muli mijigo 12 ya mtundu wa Afridev, koma yotulutsa madzi ndi isanu yokha. Isanu ndi iwiri idaima, ina zaka ziwiri zapitazo. Mabanja ambiri adabwerera ku zitsime za kudambo. Komiti ya m'dera yagwirizana zopempha ndalama zokonzera mijigo yowonongeka, ndipo ntchitoyo itenge miyezi 12.

Makwerero anayi

Musanaganize za manambala, yalani maganizo anu ngati makwerero. Pansi penipeni pali ntchito, zimene manja adzachite: kugula mapaipi, ndodo za mjigo, marabala ndi mabushi, kulemba mmisiri, kuchititsa maphunziro. Pamwamba pake pali zotuluka, zinthu zimene pulojekiti idzasiya ikamatha, zoti munthu n'kuziwerenga ndi chala: mijigo yokonzedwa, makomiti ophunzitsidwa. Khwerero lachitatu ndi kusintha kwa moyo wa anthu, kumene kumabwera anthu akayamba kugwiritsa ntchito zotulukazo: mabanja akumwa madzi a pamjigo chaka chonse. Pamwamba pa zonse pali cholinga chachikulu, chimene pulojekiti imangothandizirako: kuchepa kwa matenda otsegula m'mimba pakati pa ana osakwana zaka zisanu.

Makwererowa amayesedwa ndi mawu akuti "ngati". Werengani kuchokera pansi: ngati tagula zipangizo ndi kulemba mmisiri, mijigo ikonzedwa. Ngati mijigo yakonzedwa, mabanja amwa madzi abwino chaka chonse. Apa muime. Kodi n'zoona? Mijigo yomweyi idagwirapo ntchito kale, ndipo idaima. Idaima chifukwa rabala itatha panalibe ndalama yogulira ina, kapena panalibe wodziwa kumasula mjigo. Tikangokonza zitsulo, pakatha chaka tidzakhala pomwe tili lero. Ndiye kuti pa khwerero la zotuluka pakusoweka kanthu: makomiti a mijigo ophunzitsidwa, okhala ndi thumba la ndalama zokonzera. Taonani kuti ndondomekoyi yasintha kale pulojekiti tisanalembe nambala iliyonse. Imeneyi ndiyo ntchito yake yoyamba.

Cholakwika chofala ndi kuika ntchito pamalo pa chotsatira. "Kuchititsa misonkhano isanu ndi umodzi" si chotsatira, pakuti misonkhano ingachitike yonse, anthu n'kudya nsima, popanda chosintha. Njira yozindikirira ndi iyi: ngati chiganizo chikunena zimene ife a pulojekiti tichite, ndi ntchito, ngati chikunena momwe zinthu zidzakhalire kwa anthu, ndi chotsatira.

Chizindikiro: chinthu chimene tidzawerenge

Chotsatira chilichonse chimafuna chizindikiro, ndiye kuti chinthu chowerengeka chimene chidzatiuze ngati tafika. Chizindikiro chabwino ndi chimene anthu awiri osagwirizana, atapita padera kukawerenga, angabwere ndi yankho limodzi.

Tiyese ichi: "Kupezeka kwa madzi kwapita patsogolo." Mfumu inganene kuti inde, mayi wa kumalire a mudzi n'kunena kuti ayi, ndipo palibe wowaweruza. Tikonze: "Chiwerengero cha mijigo yogwira ntchito." Chayamba kumveka, koma mawu akuti "yogwira ntchito" akadali ndi mpata. Mjigo wotulutsa madzi pambuyo popopa mphindi khumi, ukugwira ntchito? Nanga wotulutsa m'mawa wokha, masana n'kuuma? Komiti iyenera kugwirizana tanthauzo ndi kulilemba. M'chitsanzo chathu yagwirizana motere, itafunsa mlangizi wa za madzi: mjigo wogwira ntchito ndi umene, pa tsiku loyendera, ukudzaza ndowa ya malita 20 pasanathe mphindi ziwiri, nthawi ya masana. Tsopano aliyense wokhala ndi ndowa ndi wotchi angayese, ndipo palibe chokanganirana.

Chizindikiro cha kusintha kwa moyo wa anthu chikhale cha anthu, osati cha zitsulo: "Chiwerengero cha mabanja amene madzi awo akumwa amatunga pamjigo." Apanso kafunsidwe kali ndi mphamvu. Mukafunsa kuti, "Kodi mumamwa madzi a pamjigo?" pafupifupi aliyense adzavomera, chifukwa akudziwa yankho limene mlendo akufuna. Funsani kuti, "Madzi akumwa amene ali mumtsukomu munatunga kuti?" Funso lotere limatchula chinthu chimodzi chooneka, ndipo limabweretsa yankho loona.

Zizindikiro zisachuluke. Chilichonse chimene mwalemba ndi lonjezo loti wina adzayenda, adzawerenga ndi kulemba. Chimodzi kapena ziwiri pa chotsatira chilichonse n'zokwanira. Pempho la zizindikiro makumi awiri limaoneka lanzeru pa tsiku lolemba, koma pa tsiku la lipoti theka la mizere limakhala lopanda kanthu.

Poyambira ndi pofikira

Chizindikiro chimayenda ndi manambala awiri. Poyambira ndi momwe zinthu zilili lero, ntchito isanayambe. Pofikira ndi pamene tikulonjeza kudzafika, pamodzi ndi tsiku lake. Popanda poyambira, pofikira sipatanthauza kanthu. Lipoti likanena kuti mabanja 480 akumwa madzi a pamjigo, sitingadziwe ngati ndi chipambano tisanamve kuti kale anali angati. Ngati anali 250, ntchito yagwirika. Ngati anali 470, ndalama zangopita.

Poyambira sapeka pamsonkhano, amakawerenga. M'wodi yathu anthu odzipereka asanu ndi mmodzi, mmodzi pamudzi, ayenda ndi kaundula wa mabanja, mabanja 20 pa tsiku, ndipo m'masiku asanu amaliza onse 600. Apeza kuti mabanja 250 ndiwo akutunga pamjigo, kutanthauza pafupifupi 42 pa 100 aliwonse. Alembanso mwezi umene awerengera, Okutobala, ndipo tiona posachedwa chifukwa chake.

Tsopano pofikira. Mtima umafuna kulemba kuti mabanja onse 600, chifukwa nambala yodzaza imakoma m'maso. Koma pofikira sipachokera ku chikhumbo, pamachokera ku masamu. Mlangizi wa za madzi atayendera mijigo isanu ndi iwiri yowonongeka wapeza kuti umodzi chitsime chake chidagumukira mkati. Umenewo sukonzeka, ukufuna kukumba kwatsopano, ndipo ndalama zake mulibe m'pempholi. Yokonzeka ndi isanu ndi umodzi, choncho mijigo yogwira ntchito singapose 11. Mabanja 45 amene amadalira mjigo wogumukawo atsala kunja. Kalembera uja waonetsanso mabanja 60 okhala kutali, kupitirira mamita 500 kuchokera pa mjigo uliwonse, umene ndi mtunda womwe a za madzi m'dziko muno amayezera. Amenewanso kukonza mijigo sikuwafikira. Tikachotsa 45 ndi 60 pa 600 patsala mabanja 495.

Tifunsenso ngati mijigo 11 ingakwanire mabanja amenewa. Muyeso wodziwika ndi wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250. Mijigo 11 ndi anthu 2,750, pamene mabanja 495 a anthu asanu asanu ndi anthu 2,475. Ikukwanira. Komabe pali mabanja ena oyandikana ndi dambo amene sadzasiya chitsime chawo msanga, kotero komiti yaika pofikira pa mabanja 480, ndiye kuti 80 pa 100 aliwonse, pofika mwezi wa 12. Nambala imeneyi komiti ingaiteteze pamaso pa aliyense, chifukwa ikudziwa komwe yachokera. Ndipo mabanja 105 otsalawo sanaiwalike: alembedwa poyera, ndipo ndiwo maziko a pempho lotsatira.

Muzilemba nambala yeniyeni pambali pa gawo la pa 100. "80 pa 100" yokha imabisa funso lakuti 80 pa 100 ya ndani. Wina wofuna kukometsa lipoti angachotse mabanja akutali aja m'chiwerengero, n'kulengeza kuti 480 mwa 495 ndi 97 pa 100. Mukalemba kuti "480 mwa mabanja 600" khomo limenelo latsekeka.

Pofikira pakhalenso ndi popumira panjira, kuti vuto lioneke nthawi ikadalipo. Makomiti akhale ataphunzitsidwa pofika mwezi wachitatu, mijigo itakonzedwa pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi. Pa mwezi wa 12 komiti yalonjeza mijigo yosachepera 10 yogwira ntchito pa tsiku loyendera, osati 11, chifukwa mjigo ndi chitsulo ndipo tsiku lina umodzi ungapezeke uli pakati pokonzedwa. Nambala ya mwezi wa 12 ndiyo yofunika koposa, popeza imaonetsa ngati mijigo yapirira miyezi isanu ndi umodzi mmisiri atachoka.

Umboni: tidzaona pati?

Mzere wa umboni umayankha mafunso atatu: nambala idzachokera m'buku liti kapena m'kalembera uti, adzatenga ndani, ndipo liti. Makomiti ambiri amangolemba kuti "malipoti a pulojekiti". Mawu amenewa ndi ofooka, chifukwa akutanthauza kuti wogwira ntchito adzadzichitira yekha umboni.

Lamulo loyamba ndi lakuti wolandira malipiro pa ntchito asakhale wotsimikizira ntchitoyo. Kuti mjigo wakonzedwa, umboni wake usakhale kalata ya mmisiri. Ukhale fomu yolandirira ntchito, yosainidwa ndi mlangizi wa za madzi wa khonsolo pamodzi ndi wapampando wa komiti ya mjigowo, muyeso wa ndowa uja utachitika anthu akuona. Kuti mijigo ikugwirabe ntchito, mamembala awiri a komiti ya m'dera aziyendera miyezi itatu iliyonse, pa tsiku losalengezedwa, ndi kulemba mphindi zimene ndowa yatenga.

Lamulo lachiwiri ndi lakuti muyeze mofanana poyamba ndi pomaliza: funso lomwelo, mabanja omwewo, nyengo yomweyo. Kalembera woyamba adachitika mu Okutobala, zitsime za kudambo zitaphwa, pamene anthu amakakamizika kupita pamjigo. Mukabwereza mu Febuluwale, madzi ali ponseponse, nambala idzatsika ndipo pulojekiti yabwino idzaoneka yolephera. Mukayamba mu Febuluwale n'kumaliza mu Okutobala, pulojekiti yolephera idzaoneka yopambana. N'chifukwa chake kalembera wachiwiri ayenera kuchitikanso mu Okutobala.

Lamulo lachitatu ndi lakuti umboni uli ndi mtengo wake. Makope a makomiti, mapepala a kalembera, ulendo wa mlangizi, zonsezi zilowe mu bajeti. Chizindikiro chimene umboni wake mulibe ndalama zoutolera, kuli bwino kuchichotsa. Mwachitsanzo, kulonjeza kuti madzi adzapimidwa mwezi ndi mwezi kumafuna zipangizo ndi akatswiri. Ngati bajeti siikutchula zimenezi, lonjezolo ndi lapapepala chabe.

Pa cholinga chachikulu pafunika kusamala kwambiri. Nambala ya ana otsegula m'mimba ingapezeke m'makaundula a alangizi a zaumoyo ndi a pachipatala chaching'ono. Koma chipatala chimalandira odwala ochokera m'mawodi angapo, choncho muyenera kupempha nambala ya midzi yanu yokha. Ndiponso matendawa amadalira zimbudzi, kusamba m'manja ndi kasungidwe ka madzi m'nyumba, osati mjigo wokha. Chaka cha mliri, monga kolera amene adavuta dziko lino mu 2022 ndi 2023, chingakweze nambala ngakhale mijigo yonse ikugwira ntchito. Chotero nambalayi muziitsata ndi kuilemba, poyerekeza miyezi ya dzinja ndi miyezi ya dzinja inzake, koma chipambano cha pulojekiti chiweruzidwe pa mijigo ndi mabanja, pamene dzanja lanu likufika.

Ndondomeko yathu itatha

Tikasonkhanitsa zonse, mizere ya wodi yathu ikuoneka motere.

Cholinga chachikulu: kuchepa kwa matenda otsegula m'mimba mwa ana osakwana zaka zisanu. Chizindikiro: ana odwala olembedwa kuyambira Disembala mpaka Malichi m'midzi isanu ndi umodzi. Poyambira: nambala ya dzinja lapitalo. Pofikira: nambala yotsika kuposa imeneyo. Umboni: makaundula a alangizi a zaumoyo.

Kusintha koyamba: mabanja akumwa madzi a pamjigo. Poyambira: 250 mwa 600. Pofikira: 480 mwa 600, mwezi wa 12. Umboni: kalembera wa khomo ndi khomo, Okutobala, wochitidwa ndi odzipereka, aliyense m'mudzi wosakhala wake.

Kusintha kwachiwiri: mijigo ikugwira ntchito mosalekeza. Chizindikiro: mijigo yodzaza malita 20 pasanathe mphindi ziwiri. Poyambira: 5 mwa 12. Pofikira: yosachepera 10 mwa 12, mwezi wa 12. Umboni: mafomu a kuyendera kosalengezedwa, miyezi itatu iliyonse.

Chotuluka choyamba: mijigo yokonzedwa. Poyambira: 0. Pofikira: 6, mwezi wachisanu ndi chimodzi. Umboni: mafomu olandirira ntchito osainidwa ndi mlangizi wa za madzi ndi komiti ya mjigo.

Chotuluka chachiwiri: makomiti a mijigo ophunzitsidwa, okhala ndi kope la zopereka lolembedwa mwezi ndi mwezi. Poyambira: 0. Pofikira: 11, mwezi wachitatu. Umboni: ndandanda ya opezeka pa maphunziro ndi makope enieniwo.

Zimene sizili m'manja mwathu

Mzere womaliza ndi wa zinthu zimene ziyenera kukhala bwino kuti makwerero asathyoke, koma komiti singazilamulire. Musalembemo zinthu wamba monga "ngati zonse ziyenda bwino". Tchulani zenizeni. Zipangizo zambiri za mijigo zimachokera kunja, ndipo mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100. Bajeti yolembedwa mwezi wa Okutobala chaka chimenecho sikadagulanso zomwe idalonjeza. M'madera a m'zigwa, madzi osefukira onga a namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 angakwirire mijigo yokonzedwa kumene. Pa chilichonse chotere lembani chimene mudzachite, monga kugula zipangizo zonse m'mwezi woyamba ndalama zikangofika.

Koma musabise ntchito yanu mumzerewu. "Ngati anthu azipereka ndalama za pamjigo" si chinthu chakunja. Ndi chimene pulojekiti iyenera kuchigwirira ntchito, ndipo n'chifukwa chake kope la zopereka lili pakati pa zotuluka.

Zinthu zikasintha pakati pa ntchito, pofikira pangasinthidwe, koma poyera: komiti ilembe kalata yofotokoza chifukwa, opereka ndalama avomere, ndipo nambala yakale ikhalebe yooneka pambali pa yatsopano. Kusintha nambala mwakachetechete pa tsiku lolemba lipoti ndi chinyengo.

Zokambirana pa msonkhano wa komiti

Tengani pempho lomaliza limene komiti yanu idatumiza, ndipo muliyese ndi mafunso awa.

1. Mwa ziganizo zimene mudazitcha zotsatira, ndi ziti zimene kwenikweni ndi ntchito?
2. Kodi muli mawu monga "abwino", "okwanira" kapena "ogwira ntchito" amene anthu awiri angawamve mosiyana? Agwirizanireni tanthauzo.
3. Nambala ya poyambira idachokera kuti, ndipo idawerengedwa mwezi uti?
4. Kodi mungaonetse masamu amene adabala nambala ya pofikira? Ndani amene atsala kunja?
5. Pa umboni uliwonse, ndani adzasaina, ndipo kodi amalandira malipiro pa ntchitoyo?

Ndondomeko ikatha, ikopereni pa pepala lalikulu ndi kuipachika pamalo ochitira misonkhano, pamene aliyense angaiwerenge. Tsamba lomwelo limene lapita ku khonsolo ndilo limene mayi wotunga madzi adzagwiritse ntchito pa mwezi wa 12, atanyamula ndowa yake ya malita 20, pofunsa komiti, khansala ndi mmisiri ngati zimene zidalembedwa zachitika.